K582,500 yopanda mwini: mmene mungasakire nambala imodzi yolakwika musanatseke mwezi

Ndinali nditangotha miyezi isanu pa ntchito yolemba mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Kamuzu Road, ku Salima, pamene 8 anandisandukira 3. Linali tsiku lomaliza la Okutobala, kutentha kuja kwa kunyanja koti mapepala amakumata pamkono ukatsamira tebulo. Mayi eni sitolo ankafuna lipoti la mwezi m'mawa wa tsiku lotsatira. Cha m'ma 3 koloko masana ndinapeza kuti buku langa likusiyana ndi sitetimenti ya kampani imene timaodako malata ku Lilongwe. Ndilemba zimene ndinachita motsatana, chifukwa njira yake ndi yomweyo kaya muli pa sitolo ya simenti, pa malo ogona alendo ku Senga Bay kapena pa chigayo cha mpunga ku Nkhotakota.

Choyamba ndinene chimene chinandipusitsa. Thirayo balansi yanga, mndandanda woyerekeza madebiti onse ndi makirediti onse a m'mabuku, inali yofanana mbali zonse, mpaka tambala. Ndinkaganiza kuti zikatero ndiye kuti zonse zili bwino. Koma mukawerenga invoisi molakwika, ndalama yolakwikayo imalowa ku debiti ndi ku kirediti komwe, ndipo mbali ziwirizo zimagwirizana pa bodza limodzi. Buku lanu silingadzigwire lokha. Chimene chingakugwireni ndi pepala lochokera kunja, lolembedwa ndi munthu amene sanaone buku lanu.

Itanitsani sitetimenti mwezi usanathe

Kampani iliyonse imene mumatengako katundu pangongole imasunga akaunti yanu, ndipo sitetimenti ndi chithunzi cha akauntiyo: ma invoisi amene anakulemberani, ndalama zimene munalipira, ndi zotsala. Ambiri amatumiza okha mwezi utatha kale, inu mutatseka. Musadikire. Imbani pa 28 kapena pa 29 muwauze kuti akutumizireni ya mpaka tsiku limenelo. Simukufunika ya aliyense. Ife tinali ndi makampani oposa khumi, koma atatu okha, a malata, a simenti ndi a penti, ndi amene ankatenga pafupifupi ndalama zonse zoodera katundu, ndiye ndinkayamba ndi iwowo.

Sitetimenti ya a malata inali ya pa 29 Okutobala ndipo inkati tili ndi ngongole ya K14,236,300. Leja yanga, buku limene ndinkalembamo akaunti yawo, inkati K12,153,800. Kusiyana kwake kunali K2,082,500.

Chotsani kaye zimene zasiyana chifukwa cha masiku

Apa ndi pamene ophunzira ntchito ambiri timataya maola. Timatenga K2,082,500 yonseyo n'kuyamba kuisaka m'ma invoisi, pomwe mbali ina ya ndalamayo si cholakwa ayi, yangochedwa kufika. Yang'anani zonse zimene zinachitika pambuyo pa deti la sitetimenti, komanso masiku awiri kapena atatu detilo lisanafike: ndalama zimene mwatumiza koma iwo sanazilembe, invoisi imene iwo alemba koma lole sinafike, katundu amene munabweza koma sanakuchotsereni.

Ine ndinali nditalemba K1,500,000 imene mayi anatumiza kudzera kubanki pa 30. Sitetimenti ya pa 29 sikanatha kuionetsa. Nditaichotsa panatsala K582,500. Imeneyi ndiyo inalibe mwini.

Ifunseni ndalama yotsalayo musanatsegule faelo

Mtima umafuna kuti muyambe kuyerekeza invoisi imodziimodzi kuyambira pa 1. Pa kampani imodzi yokhala ndi ma invoisi ochepa mutha kutero, ndipo mudzapeza. Koma tsiku lotseka mwezi mumakhala ndi masitetimenti angapo, banki, malipiro a antchito, ndiye ndi bwino kudziwa mtundu wa cholakwa chimene mukusaka. Ndalama yosiyanayo imanena zambiri mukaiyesa pa kalikyuleta, ndipo sizitenga mphindi ziwiri.

Igaweni ndi 2. Ngati yankho likufanana ndi invoisi kapena malipiro ena amene mukuwadziwa, ndiye kuti munalemba chinthucho mbali yolakwika ya akaunti, chifukwa cholakwa chotere chimaoneka kawiri. Ine ndinapeza K291,250, ndipo panalibe pepala la ndalama imeneyo.

Igaweni ndi 9. Mukatembenuza nambala ziwiri, monga kulemba 3,780,000 m'malo mwa 3,870,000, kusiyana kwake nthawi zonse kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa ndi 90,000. N'chimodzimodzinso mukasiya ziro mmodzi: 3,870,000 kuchotsa 387,000 ndi 3,483,000, ndipo mukaigawa ndi 9 mumapeza 387,000 yomwe munalemba molakwika ija. K582,500 yanga sinagawike ndi 9, ndiye vuto silinali la kutembenuza nambala kapena kusiya ziro.

Tsopano chachitatu, chimene sindinachiphunzire m'kalasi. Mukaona nambala imodzi molakwika, ena onse n'kukhala olondola, kusiyana kwake kumakhala nambala imodzi yotsatiridwa ndi maziro: 500, 60,000, 800,000. Ndinayang'ana 582,500 n'kunena kuti siyotero, ndipo ndinatsala pang'ono kuisiya njirayi. Chinandikumbutsa ndi mmene tsamba langa la Excel linapangidwira. Ine ndinkalemba mtengo wa katundu wopanda msonkho, ndipo kompyuta inkawerengera yokha VAT n'kuphatikiza. Choncho cholakwa changa chinali chitavala msonkho pamwamba. Nthawi imeneyo VAT inali 16.5 peresenti, ndiye ndinagawa ndi 1.165.

Kalikyuleta inaonetsa 500,000. Popanda ngakhale tambala.

Inu gwiritsani ntchito mlingo wa VAT umene walembedwa pa invoisi yanuyo, osati umene ndatchula pano, chifukwa boma limatha kuusintha. Chofunika ndi kuuvula msonkho musanaweruze. Ndalama ngati 582,500 imaoneka ngati zolakwa zingapo zosakanikirana, koma K500,000 inali cholakwa, ndipo K82,500 inali VAT ya cholakwacho.

Nambala yotsalayo ikuuzani amene akufanana

Mukapeza nambala imodzi ndi maziro ake, mwadziwa zinthu ziwiri. Maziro akukuuzani malo: maziro asanu ndiye kuti vuto lili pa nambala yachisanu ndi chimodzi kuchokera kumanja, ya mahandiredi sauzande. Nambala yakutsogolo ikukuuzani mtunda wa pakati pa chimene munaona ndi chimene chinalembedwa.

Pa pepala lofufuma pali nambala zimene zimakonda kusinthana nkhope. 8 akatha inki mbali ya kumanzere amasanduka 3, ndipo kusiyana kwawo ndi 5. 7 akaduka denga amasanduka 1, kusiyana 6. 0 akadutsidwa pakati ndi mzere wa popinda pepala amaoneka ngati 8, kusiyana 8. 5 ndi 6 amasiyana ndi 1 yekha, 6 ndi 8 amasiyana ndi 2. Simufunika kuloweza. Mukangoona 5 dzifunseni kuti ndi nambala ziti ziwiri zofanana maonekedwe zimene zimasiyana ndi 5.

Onaninso mbali imene yachepa. Buku langa ndi limene linali lochepa, ndiye ndinalemba nambala yaing'ono pamene panayenera yaikulu: 3 m'malo mwa 8, kapena mwina 1 m'malo mwa 6, kapena 4 m'malo mwa 9. Ndinaika fomula iyi pambali pa ndalama iliyonse yopanda msonkho, imene pa tsamba langa inali mu danga D, kuti indionetse nambala ya pamalo amenewo:

```
=MOD(INT(D2/100000),10)
```

Pa ma invoisi 23 a kampaniyo mwezi umenewo, awiri okha ndi amene anali ndi 3 pamalopo. Imodzi inali ya misomali ndi zotsekera pamsonga pa denga, ndipo inagwirizana ndi sitetimenti. Inayo inali ya pa 17 Okutobala. Ine ndinalemba K3,370,000, kompyuta n'kuika VAT ya K556,050, zonse pamodzi K3,926,050. Pa sitetimenti invoisi yomweyo inali K4,508,550. Chotsani muone: K582,500.

Musathamangire kukonza: tsimikizani amene walakwa

Kupeza invoisi sikutanthauza kuti mwadziwa wolakwa. Nawonso akumeneko ndi anthu, amalemba molakwika ngati ife. Mukangosintha buku lanu kuti lifanane ndi sitetimenti, tsiku lina mudzalipira cholakwa cha eni ake ndi ndalama za abwana anu.

Ndinatsegula sikani ya invoisiyo, imene ndinawerengapo ndalama tsiku lolemba, n'kuikulitsa. Kunena zoona, ngakhale nditadziwa yankho, nambalayo inkaonekabe 3. Invoisiyo inasindikizidwa pa pulinta ya madontho ija yolira ngati nyenje, ndipo ife tinalandira kope yachiwiri, ya kaboni. Dalaivala anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Salima, ndipo mzere wa popindapo unadutsa ndendende kumanzere kwa nambalayo. Kenako mnyamata wa kosungira katundu anaisikana mwa zakuda ndi zoyera zokha. Sikana ikaikidwa choncho imasankha pa kadontho kalikonse kuti kakhale kakuda kapena koyera, ndipo kotuwa konse imakafafaniza. Timadontho tofufuma timene tinkatseka mimba ziwiri za 8 tinapita momwemo. Mapulogalamu amene amawerenga okha malemba a pa sikani amapunthwanso pomwepa, chifukwa nawonso amaona chithunzi chomwecho.

Ndiye sikani siingakhale mboni pa mlandu wake womwe. Mboni yoyamba ili pa invoisi pomwepo, m'manambala ena amene amayenera kugwirizana. Panalembedwa malata 180, lililonse K21,500. Chulukitsani: K3,870,000. Yesaninso chobwerera: K3,370,000 kugawa ndi K21,500 ikupereka 156 ndi zidutswa, ndipo palibe amene amagulitsa chidutswa cha lata pa invoisi. Mboni yachiwiri ndi mzere wa VAT umene iwo anasindikiza, K638,550, womwe ndi 16.5 peresenti ya K3,870,000. Mzere umenewu unkaoneka bwinobwino pa sikani. Sindinauyang'ane tsiku lolemba chifukwa ndinkadalira kuti kompyuta iwerengera. Pamenepa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni, osati pa 8 uja.

Mboni yachitatu ndi katundu weniweni. Ndinapita kuseri, kumene bambo amene amasunga katundu anali atakhala pa thumba la simenti akudzikupiza ndi katoni.

"Madala, pepani ndakusokonezani. Lole ya malata ya pa 17 munatsitsa angati?"

"Achemwali, mwezi ukamatha ndiye mumatikumbuka," anatero akutsegula buku lawo lachikuto cholimba, m'makona mutada ndi fumbi. Ananyowetsa chala n'kutsegula masamba. "Awa. 180. Ndinawerenga ndekha, dalaivala anasaina apa."

"Nanga pepala lenilenilo lili kuti?"

Analisolola pa msomali umene amabayapo mapepala. Nditalitambasula padzuwa, 8 anaoneka, wofufuma koma wathunthu, mzere wa popinda utamudutsa m'nthiti.

Pepala lenileni likakhala kutali, monga ku nthambi ya ku Chipoka kapena ku Nkhotakota, auzeni alijambulenso pafupi, pamalo owala, atalitambasula. Akamatumiza pa WhatsApp asankhe Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa ndipo timizere tating'ono timasowa. Kapena imbirani a ku akaunti ya kampaniyo akuwerengereni ndalamayo. Musawafunse kuti "kodi ndi 3,870,000?" chifukwa munthu wotanganidwa amangoti eya. Apatseni nambala ya invoisi, anene okha.

Konzani moti wina adzathe kutsatira

Ngati invoisi sinalowe mu leja, ili pa tsamba lokonzekera chabe, sinthani nambalayo basi. Yanga inali italowa kale pa 18, ndiye kufufuta sikunali koyenera. Munthu wodzayendera mabuku akapeza ndalama yasintha popanda chifukwa cholembedwa, amayamba kukayikira zonse, ndipo sangalakwe. Ndinalemba jenala ya kusiyana kokhako, ya deti la 31 Okutobala. Akaunti ya katundu wogula ndinaidebita K500,000. Akaunti ya VAT ya pa zogula ndinaidebita K82,500. Akaunti ya kampani ya malata ndinaikirediti K582,500. M'munsi ndinalemba nambala ya invoisi, deti lake, ndi mawu akuti ndalama inawerengedwa K3,370,000 pa sikani pamene pepala lenileni likuti K3,870,000. Ndinamata pamodzi sikani yakale, sikani yatsopano ndi tsamba la sitetimenti.

Ambiri amaiwala mzere wa VAT, n'kuponya K582,500 yonse ku katundu wogula. Akaunti ya kampaniyo imagwirizana ndithu, koma mtengo wa katundu umakwera ndi K82,500 yomwe siyake, ndipo ndalama yomweyo simuichotsa pa msonkho wopita ku MRA.

Jenala yokonza cholakwa chanu musamaivomereze nokha. Ndinapita nayo kwa mayi, miyendo ikulemera, chifukwa ndinkapita kukadziulula.

"Mayi, ndapeza polakwika pa invoisi ya malata. Ndinalemba ine. Ngongole yathu ndi yochuluka ndi K582,500 kuposa imene ndinakuuzani Lolemba."

Anavala magalasi, n'kuyang'ana sikani, kenako pepala. "Iii, koma uyu ndi 3 weniweni. Ndiye mwati phindu lathu latsika?"

"Latsika ndi K500,000, mayi. Koma silinali lathu. Malata 180 tinawawerenga onse mu sitoko, pomwe mtengo wake ndinalemba wochepa."

"Nanga tikanalipira zimene munalemba poyamba zija?"

"Akanatiuza kuti tatsala ndi ngongole, mwina lole ya sabata yamawa akanaiimitsa mpaka titamvana."

Anasaina. Anangoti, "Mawa mundionetse a simenti nawonso."

Zikanapweteka m'malo atatu: phindu la mwezi likanaoneka lalikulu ndi K500,000, ngongole ikanaoneka yochepa, ndipo pa fomu ya VAT tikanachotsa K82,500 yochepa pa zimene tinali ndi ufulu wochotsa. Cholakwa chopita mbali inayo, 3 kumuona 8, n'choopsa kuposa apa. Mumalipira kampani ndalama zopitirira, imene mwina siikuuzani msanga, ndipo mumachotsa VAT yoposa imene ili pa invoisi, zomwe a MRA akadzayendera mabuku sangazione ngati nkhani ya maso.

Mukamaliza jenala, bwerezani kuyerekeza kuja kuchokera pamwamba. Leja yanga inakhala K12,736,300. Kuphatikiza K1,500,000 imene iwo anali asanailembe, K14,236,300, ndendende ndi sitetimenti. Kusiyana kukapanda kufika pa ziro, pali cholakwa china chimene chinabisala kuseri kwa choyambacho.

Pamene njira ya kalikyuleta imakanika

Ine ndinachita mwayi kuti cholakwa chinali chimodzi ndipo katundu yense wa pa invoisiyo anali wa VAT. Zolakwa zikakhala ziwiri, ndalama yosiyanayo imakhala chisakanizo ndipo siinena kanthu. Invoisi ikakhala ndi katundu wina wa VAT, wina wopanda, yesani kawiri: ndalama yosiyanayo mmene ilili, kenako mutaivula msonkho.

Palinso pamene nambala yolakwika ili pa kuchuluka kwa katundu, osati pa ndalama. Ndikanawerenga malata 130 m'malo mwa 180, kompyuta n'kuchulukitsa yokha, kusiyana kukanakhala K1,252,375. Kuvula msonkho kukanapereka K1,075,000, yomwe si nambala imodzi ndi maziro. Zikatero gawani ndi mitengo ya katundu amene mumaoda kawirikawiri. K1,075,000 kugawa ndi K21,500 ndi 50, ndipo 5 uja wabweranso. Zonsezi zikakanika, palibe chidule: sitetimenti kumanzere, leja kumanja, rula pansi pa mzere, kuchonga imodziimodzi. Yambani ndi ma invoisi a ndalama zambiri.

Zimene ndinasintha pa tebulo langa

Sikana tinaichotsa pa Black and White n'kuiika pa Grayscale, 300 dpi. Mafaelo amakula pang'ono, koma zotuwa zimatsala, ndipo 8 wofufuma amaonekabe kuti ndi 8. Kope ya kaboni timaitambasula kaye, ndipo chidindo cholandirira katundu sitimenyanso pamwamba pa ndalama, chizolowezi chimene madala aja anavuta nacho kusiya.

Chachikulu ndi tsamba la Excel. Kale ndinkalemba ndalama imodzi, zina zonse kompyuta n'kutulutsa kuchokera pa imodziyo, ndiye ikalakwika zonse zinkalakwika mogwirizana. Pano ndimalemba zitatu monga zasindikizidwira pa invoisi: yopanda msonkho mu D, VAT mu E, yonse pamodzi mu F. Kompyuta ntchito yake ndi kuzitsutsa, osati kuzipanga:

```
=ROUND(D2+E2-F2,2)
=ROUND(D2*0.165-E2,2)
```

Yoyamba iyenera kupereka 0. Yachiwiri iyenera kupereka 0 kapena matambala ochepa a kuzunguliza, pokhapokha ngati invoisiyo ili ndi katundu wopanda VAT, ndipo zikatero ndimalemba chifukwa chake pambali. 0.165 ndi mlingo wa nthawi imeneyo, inu ikani wa pa invoisi yanu. Mlingo wa msonkho ndi bwino kuuika mu kabokosi kamodzi pamwamba n'kumaulozera, kuti ukasintha musinthe pamodzi pokha. Pa invoisi ya pa 17 ija, fomula yoyamba ikanaonetsa -500,000 tsiku lomwelo ndisanadzuke pampando. Kulemba nambala ziwiri zowonjezera kumanditengera masekondi ochepa pa invoisi iliyonse.

Invoisi iliyonse yopitirira K1,000,000 ndimaichulukitsanso, kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wake, ndipo ndimaiyerekeza ndi buku la madala Lachisanu lililonse, osadikira pa 31. Malire a K1,000,000 ndinangowasankha poona kukula kwa sitolo yathu. Inu ikani pamene cholakwa chingayambe kuwawa abwana anu.

Usiku umenewo ndinatseka mabuku cha m'ma 7 koloko, udzudzu utayamba kale kulowa pawindo. M'mawa mwake ndinaonetsa mayi sitetimenti ya a simenti, imene inasiyana ndi K27,000 yokha, yogawika ndi 9: ndinali nditalemba 714,000 pamene panali 741,000. Fomu ya VAT ya Okutobala, imene imayenera kufika ku MRA pofika pa 25 Novembala, ndinaitumiza pa 20, K82,500 ija ili momwemo.